Mafunso ndi mayankho: zithunzi zotani zoperekeza mawu amene mwajambula pafoni?

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kwa ife amene timathandiza achinyamata ndi magulu a alimi a ku Dedza ndi ku Ntcheu kujambula mavidiyo aafupi pafoni. Kuti nkhani isamwazike, mayankho onse atsamira pa chitsanzo chimodzi: vidiyo ya mphindi imodzi ya amalume anga a ku Bembeke, akufotokoza mmene amasankhira mbatatesi asanapite nayo ku msika wa Lizulu.

Kodi zimene ojambula amati birolo n'chiyani?

Vidiyo ya munthu wolankhula imakhala ndi zithunzi za mitundu iwiri. Pali chithunzi cha mwini wakeyo akulankhula, nkhope ikuoneka, milomo ikuyenda limodzi ndi mawu. Ndiye pali zithunzi zina zimene zimabwera pamwamba, mawu ake akupitirirabe kumveka: manja akusankha mbatatesi, khasu likulowa mumzere, matumba ali panjinga. Zachiwirizi ndiye birolo. M'mayankho awa tizitcha zithunzi zoperekeza.

Ntchito yake ndi iwiri. Zimaonetsa chinthu chimene chikunenedwa, kuti woonera asamangomva za mbatatesi yobiriwira koma ayione. Komanso zimabisa msoko. Amalume akatsokomola kapena kubwereza chiganizo, mumadula pamenepo, ndipo mutu wawo umaoneka ngati wadumpha. Mukaikapo chithunzi cha manja kwa masekondi atatu, mdulidwewo suoneka.

Nanga ndandanda wa mashoti ndi wa chiyani? Sindingangopita kumunda n'kumajambula zimene ndaona?

Mungathe, koma mudzabwerako ndi mapiri okongola, mbuzi, ana akukubayibitsani, popanda chithunzi chimodzi cha mbatatesi yotemeka ndi khasu, chimene ndicho mutu wa nkhani. Izi zinandichitikira ulendo woyamba. Ndinadzaza foni ndi chifunga cha m'mawa, ndipo pofika polumikiza ndinapeza kuti theka la mawu a amalume lilibe chophimbira.

Shoti ndi kachidutswa kamodzi ka vidiyo, kuchokera pamene mwadina kuti iyambe mpaka pamene mwaimitsa. Ndandanda wa mashoti ndi pepala limene mwalembapo mashoti onse amene mukufuna musanatuluke m'nyumba. Pa shoti iliyonse lembani zinthu zinayi: nambala ya chiganizo chimene ikuperekeza, chimene chikuoneka, kaya ndi ya patali, ya pakati kapena ya pafupi, ndi malo ojambulira. Tsamba la m'kope ndi bolopeni n'zokwanira. Pepala limaposa kulemba m'foni momwemo, chifukwa foniyo imakhala ili pantchito ndipo manja amakhala ndi dothi.

Ndiyambe ndi chiyani, mawu kapena zithunzi?

Mawu. Jambulani wolankhulayo kaye, mumvetsere, kenako mulembe ndandanda kuchokera pa zimene wanenadi. Anthu akuluakulu satsatira pepala liwu ndi liwu, ndipo nthawi zambiri zimene awonjezera pakamwa zimaposa zimene munawalembera. Amalume anawonjezera okha zoti yotemeka imaoletsa zinzake, ndipo chiganizo chimenecho chinabala mashoti atatu amene sindikanawaganizira.

Pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yosabwerezeka. Ngati akukumba lero ndipo mawa munda ukhala mbee, jambulani zakumunda lero potsatira zimene mwagwirizana kuti adzanena, mawu mudzajambule pambuyo.

Tationetsani mmene ndandanda umatulukira m'mawu.

Nawa mawu a amalume, ogawidwa m'zigawo zisanu ndi ziwiri. Onse pamodzi anatenga masekondi 64.

1. "Ine ndimalima mbatatesi kuno ku Bembeke. Ambirife ndalama sitiluzira kumunda ayi, timaluzira pakati pa munda ndi msika."
2. "Ndikakumba sindithira m'thumba nthawi yomweyo. Ndimayamba ndayala pamthunzi kuti dothi liume, liyoyoke."
3. "Ndiye ndimasankha. Yotemeka ndi khasu ndimaika payokha, chifukwa ndi imene imayamba kuola n'kuoletsa zinzake."
4. "Yobiriwira ngati iyi yaombedwa ndi dzuwa. Imawawa, si yoti munthu adye."
5. "Zikuluzikulu ndi za anyamata a pachiwaya, zapakatizi ndi za m'makomo, zonga dzira la nkhuku ndimasunga za mbewu."
6. "Thumba lisakhale padzuwa kapena pansi ponyowa. Ndimasanjika pamitengo, m'chipinda chamdima koma chopita mphepo."
7. "Wogula wa ku Lizulu akakhuthula thumba n'kupeza zonse n'zofanana, sanenerera kwambiri."

Njira yake ndi yophweka: m'chiganizo chilichonse dulani mzere kunsi kwa mawu osonyeza kuchita. Kukumba, kuyala, kuyoyoka, kusankha, kusanjika, kukhuthula. Amenewo ndiwo mashoti anu. Chinthu chongokhala, monga mulu wa mbatatesi, chimatopetsa maso pakangotha masekondi awiri, pomwe dzanja lotola mbatatesi pamuluwo limagwira diso mpaka litatuluka m'chithunzi.

Chigawo choyamba chonse ndi nkhope ya amalume, chifukwa woonera ayenera kudziwa mwini mawu asanayambe kuona manja. Pa chachiwiri ndinalemba mashoti atatu: wa patali, amalume ali mumzere ndi khasu, munda wonse ukuoneka, wa pafupi, khasu likutembenuza dothi mbatatesi n'kuvumbuluka, ndi wa pakati, akukhuthula ndowa pachiguduli pansi pa mtengo. Pa chachitatu, atatunso: manja akusankha, ojambulidwa kuchokera pamwamba, chala chikuloza bala la khasu, pafupi kwambiri, ndi mbatatesi yoola, yonyowa, itagundana ndi yabwino.

Chigawo chachinayi chili ndi mawu oti "ngati iyi". Munthu akati "iyi" kapena "apa", woonera amafuna kumuona atanyamula chinthucho, choncho timabwerera kunkhope kwa masekondi atatu, kenako shoti imodzi ya pafupi: yobiriwira ndi yabwino zili m'dzanja limodzi, kuti kusiyana kwa mtundu kuoneke. Pa chachisanu ndinafuna milu itatu ili pamzere, tchipisi zikuwira m'chiwaya, ndi mbatatesi ya mbewu itagundizana ndi dzira lenileni. Dziralo musaliiwale. Pafoni kukula kwa chinthu sikudziwika pokhapokha pali china chodziwika pambali pake. Pa chachisanu ndi chimodzi, mashoti awiri: thumba likutsitsidwa pamitengo, foni ili pansi kuti mpata wa kunsi kwa thumba uoneke, ndi kazenera kolowetsa mphepo. Pomaliza, matumba akumangidwa panjinga, thumba likukhuthulidwa pamsika, kenako nkhope ya amalume kwa masekondi anayi otsiriza.

Onse pamodzi ndi mashoti 14.

Ndingadziwe bwanji kuchuluka kwa mashoti amene ndikufuna, ndipo iliyonse italike bwanji?

Werengerani. Pa masekondi 64 aja, nkhope ikuoneka masekondi 7 poyamba, 3 pakati ndi 4 pomaliza, onse 14. Otsala ndi 50. Shoti yoperekeza imakhala bwino ikaoneka masekondi atatu kapena anayi, ndiye 50 kugawa ndi atatu ndi theka zikutipatsa mashoti pafupifupi 14.

Koma pojambula musajambule masekondi atatu. Shoti iliyonse igwireni masekondi khumi, mukuwerenga chamumtima. Sekondi yoyamba ndi yomaliza zimagwedera chifukwa cha chala chodina, ndipo polumikiza mudzafuna mpata wosankha pamene dzanja linayenda bwino. Ijambuleni kawiri. Mashoti 14, kawiri, masekondi khumi, ndi masekondi 280, osakwana mphindi zisanu. Mukasankha 1080p m'kamera ya foni, mphindi imodzi imadya pakati pa 60 MB ndi 130 MB malinga ndi foni, choncho ntchito yonse siifika 1 GB. Amene amadzaza foni ndi aja osiya kamera ikuyenda uku akuyendayenda m'munda.

Patali, pakati, pafupi: kusiyanitsa kumeneku n'kofunikadi?

Ndi kumene kumapangitsa kuti mashoti alumikizike. Shoti ya patali imayankha funso loti tili kuti. Ya pakati, kuyambira m'chiuno kukwera, imaonetsa amene akugwira ntchito ndi chimene akuchita. Ya pafupi imaonetsa mmene akuchitira. Mukalumikiza mashoti awiri ofanana kukula, ojambulidwa mutaima malo amodzimodzi, munthu amaoneka ngati wanjanja. Mukachoka pa ya patali kupita pa ya pafupi, diso limalandira bwinobwino, ngakhale pakati pake padutsa theka la ola.

Oyamba kumene amachulutsa za patali, chifukwa amachita manyazi kuyandikira. Koma vidiyo yanu idzaonedwa pa kagalasi kosaposa chikhatho, ndipo bala la khasu silingaoneke mutaima mamita atatu. Pa mashoti 14 a amalume, wa patali weniweni ndi mmodzi kapena awiri basi. Yandikirani ndi miyendo mpaka chinthucho chidzaze chithunzi. Mafoni ambiri amalephera kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita khumi, ndiye chikayamba kuchita chimbuuzi bwererani pang'ono, mudine pagalasi pamene pali balalo kuti kamera ilunjike pomwepo.

Pa ntchito imodzi, monga kukhuthula ndowa, apempheni abwereze katatu, inu mukusintha poima. Chenjerani ndi zing'onozing'ono: ngati ndowa inali kudzanja lamanja, ikhale komweko, ndipo ngati anavala chipewa polankhula asachivule posankha. Ku Dedza izi zimavuta chifukwa cha nyengo. Munthu amayamba m'mawa atavala jekete ndi chisoti chaubweya, pofika 10 koloko watsala ndi malaya okha, ndipo m'vidiyo amaoneka ngati anthu awiri.

Nanga mawu osaoneka ndi maso, monga kuluza ndalama kapena mitengo kutsika, ndiike chithunzi chanji?

Nthawi zambiri musaike chilichonse. Pamene munthu akunena maganizo ake, dandaulo, kapena chinthu chomukhudza mtima, nkhope yake ndiyo chithunzi chabwino koposa. N'chifukwa chake chiganizo cha amalume cha kuluza ndalama tachisiya pankhope.

Ngati pali msoko woti ubisike pomwepo, funani chinthu chogwirika chimene chimatsalira vutolo likachitika. Kuluza kumaoneka pa mulu wa mbatatesi zoola zotayidwa kuseri kwa nyumba. Kudikira ogula kumaoneka pa matumba ondanda m'mbali mwa msewu wa M1, galimoto zikungodutsa. Chimene sindilimbikitsa ndi chija cha dzanja lowerenga ndalama zamapepala. Chafala kwambiri moti sichinenanso kanthu, ndipo kuonetsa mlimi wodziwika nkhope ndi mudzi ali ndi mpukutu wa ndalama ndi kumuitanira akuba.

Foni ndiigwire choimika kapena chogoneka? Nanga ndisinthe chiyani m'kati mwa kamera?

Sankhani musanajambule shoti yoyamba, ndipo musasinthe. Ngati vidiyo ikupita pa WhatsApp Status, TikTok kapena Facebook Reels, imikani foni, ndiyo 9:16. Ngati ndi ya YouTube kapena yokaonetsa pakhoma kumsonkhano wa kalabu, igonekeni, ndiyo 16:9. Kusakaniza kumabweretsa mizere yakuda m'mbali, kapena kumakukakamizani kudula mitu ya anthu. Pa yoimika, chinthu chofunika chikhale pakati, chifukwa kunsi ndi kumanja kumaphimbidwa ndi zolemba ndi mabatani.

M'kamera sankhani 1080p. 4K imadya malo pafupifupi katatu, imatenthetsa foni, ndipo WhatsApp idzaifinya ndithu. Mawu ndi zithunzi zoperekeza zijambulidwe pa liwiro limodzi, kaya 30 fps, ndiko kuti zithunzi 30 pa sekondi, kaya 25 fps. Yatsani Grid kuti mizere ikuthandizeni kuwongola chithunzi, makamaka m'minda yotsetsereka ya ku Bembeke ndi ku Tsangano kumene diso limanamizika. Ndipo pukutani galasi la kamera ndi nsalu youma nthawi ndi nthawi. Chimbuuzi chimene anthu amanamizira foni yotchipa kawirikawiri chimakhala mafuta a zala.

Zithunzi zanga zimagwedera. Ndilibe choimikira foni.

Gwirani ndi manja awiri, zigongono zitatsamira pamimba, ndipo musapume mwamphamvu pa masekondi khumiwo. Kuposa apo, tsamiritsani foni pa chinthu: thumba la mbatatesi, chishalo cha njinga, ndowa yovundikira, njerwa ziwiri. Thumba ndiye labwino zedi chifukwa mumatha kulifinya mpaka foni itapenya kumene mukufuna.

Lolani kuti chiziyenda ndi chinthu chojambulidwacho, foni ikhale chete. Musatsatire dzanja kulikonse kumene lapita. Lisiyeni lilowe m'chithunzi, litole mbatatesi, lituluke. Polowa ndi potuluka ndi malo abwino odulira. Zumu yotsina ndi zala isiyeni, chifukwa pa mafoni ambiri imangokulitsa timadontho ndi kukulitsanso kugwedera.

Nthawi yabwino yojambula ndi iti? Kuno chifunga ndi mphepo sizisowa.

Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa mumatha kukhala chifunga choti phiri la Dedza osaoneka. Chifunga ndi mitambo si adani a mashoti a pafupi. Kuwala kwake n'kofewa, kopanda mithunzi yakuda, ndipo kubiriwira kwa mbatatesi ija kumaoneka bwino kuposa padzuwa la masana. Choncho kukachita chifunga yambani ndi manja ndi milu, shoti ya patali mudikire kuyere. Ichi ndi chifukwa china cholembera malo pa ndandanda: mumajambula motsatira malo ndi kuwala, osati motsatira manambala. Zonse za kumunda pamodzi, zonse za pakhomo pamodzi, za ku Lizulu tsiku lake.

Dzuwa la pakati pa 11 koloko ndi 2 koloko limachititsa maenje akuda m'maso ndi kunsi kwa chipewa. Nthawi imeneyo gwirani ntchito pamthunzi wathunthu, monga pakhonde, osati pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali pamene kuwala kumagwa mawangamawanga. Dzuwa kapena khomo likhale kumbuyo kwanu kapena chakumbali. Likakhala kumbuyo kwa wojambulidwa, iye amada bii. Ngati kuwala kukusinthasintha dzanja likamalowa m'chithunzi, dinani pagalasi osachotsa chala mpaka patuluke AE/AF Lock kapena kachizindikiro ka loko.

Chipinda chosungira mbatatesi ndi chamdima mwadala, ndipo foni mumdima imatulutsa chithunzi cha mchengamchenga. Tsekulani chitseko chonse, muime pakhomo chakumbali, thumba libwere pafupi ndi kuwalako. Mukayatsa babu n'kuona mizere ikuyenda kapena kuwala kukuphethira, chifukwa chake n'chakuti magetsi athu ndi a 50 Hz pomwe foni ili pa 30 fps kapena 60 fps. Zimitsani babuyo, kapena jambulani ntchito yonse pa 25 fps ngati foni yanu ili nayo.

Phokoso la m'zithunzi zoperekeza ndilichotse?

Osati lonse. Kulira kwa khasu, mbatatesi zikugubuduka kuchoka m'ndowa, mafuta akuthetheka m'chiwaya, zimenezi zikamveka chapansipansi kunsi kwa mawu vidiyo imakhala ndi moyo. Tsitsani mpaka mawu a wolankhula azimveka osalimbana nazo. Kuti zitheke, inu ojambula khalani chete pa masekondi khumi aja. Mashoti ambiri abwino amaonongeka ndi mawu a mwini foni akuti "eya, pitirizani amalume".

Shoti imene yagwira mphepo yokhayokha, kapena nyimbo za pa sipika ya pamsika, itsekeni mawu kotheratu. Nyimbo za eni ake zingachititse kuti vidiyo yanu itsekedwe mawu pa Facebook kapena YouTube.

Kodi ndingajambule pamsika kapena pamudzi osapempha?

Pemphani. Ku Lizulu anthu ali pantchito, ndipo wina akaona foni yamuloza amaganiza kuti mukukamugulitsa kapena kukamuneneza. Perekani moni, nenani za vidiyoyo ndi kumene idzaonekere: "Mayi, tikujambula za kasankhidwe ka mbatatesi, amalumewa ndiwo akuphunzitsa. Tingajambule nawo manja anu pokhuthula thumbali? Nkhope siioneka." Ambiri amavomera manja ngakhale akana nkhope, ndipo monga taonera pa funso la patali ndi pafupi, manjawo ndiwo mukuwafuna. Mukamaliza aonetseni. Wa chiwaya mugulenipo tchipisi.

Pamudzi posakhala panu yambirani kwa amfumu. Ana musawajambule popanda kholo kuvomera. Gule wamkulu mukakumana naye panjira si chokongoletsera vidiyo ya mbatatesi: ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo foni ibwerere m'thumba pokhapokha akuluakulu a mwambo atalola. Kumbukiraninso kuti m'dera la Lizulu msewu wa M1 ukuyenda m'malire ndi Mozambique, ndiye pewani kuloza kamera kwa apolisi, pa zotchinga pamsewu, kapena pa chipata cha Dedza ndi cha Biriwiri.

Polumikiza, chithunzi choperekeza chilowe pati penipeni?

Yalani kaye vidiyo ya wolankhula yonse, mudule zolakwika mpaka mawu amveke bwino mutatsinzina. Kenako ikani zoperekeza pamwamba pake. Mu pulogalamu yolumikizira mavidiyo ya CapCut batani lake ndi Overlay, mu ya InShot ndi PIP. Kokani chithunzicho ndi zala mpaka chidzaze galasi lonse.

Chithunzi chilowe pang'ono pokha liwu lake lisanatchulidwe, ngati theka la sekondi. Bala lioneke, kenako amalume anene kuti "yotemeka". Chikachedwa, woonera amakhala akuona khasu pomwe mawu afika kale pa kuola, ndipo amasokonezeka osadziwa chamusokoneza. Pobisa msoko, chithunzi chiyambe msoko usanafike ndipo chithe utadutsa. Zosinthira zozungulira ndi zothwanima zisiyeni. Kudula wamba n'kokwanira.

Poyesa, tsekani mawu onse mupatse munthu amene sanamve nkhaniyo aonere. Akatha kukuuzani kuti akukumba, akuyanika, akupatula zotemeka ndi zobiriwira, akusunga pamitengo, ndiye kuti zithunzi zagwira ntchito. Akati "ndaona munda ndi msika", mwachulutsa za patali.

Ndafika kunyumba ndipo shoti ina palibe. Nditenge ya pa intaneti?

Yambani mwaona ngati chiganizocho chingakhale pankhope. Ngati pali msoko, onani ngati shoti yosowayo ndi ya pafupi, chifukwa ya pafupi imajambulika paliponse: mbatatesi ndi dzira m'dzanja mungazijambule pakhonde panu ku Ntcheu boma, palibe adzadziwe kuti si ku Bembeke, bola dzanjalo lifanane ndi la wolankhula ndipo mkono wa malaya usaoneke. Chithunzi chongojambula chosayenda chingathenso kugwira masekondi awiri kapena atatu.

Za pa intaneti zili ndi eni ake, komanso alimi amazindikira msanga dothi, mtundu wa mbatatesi ndi makasu osakhala akuno, ndipo akatero amayamba kukayikira ndi mawu omwe. Pa vidiyo yophunzitsa, musaonetse mbatatesi ya munda wina ngati kuti ndi zokolola za wolankhulayo.

Kuti zisachitikenso, chongani pa pepala shoti iliyonse mukangoijambula, ndipo muionere pomwepo musanachoke pamalopo. Ena amatchula nambala ya chigawo mokweza poyambira shoti, "chachitatu, bala la khasu", kenako n'kukhala chete, kuti posankha asavutike. Ngati wolumikiza ndi munthu wina, mutumizireni mavidiyowo pa WhatsApp ngati Document kuti asafinyidwe, kapena mupatsirane pafupi ndi Quick Share kapena kebulo, pamodzi ndi chithunzi cha pepala la ndandanda lija.